Kusintha "zinachitidwa" kukhala "wakuti anachita" mu lipoti la bizinesi: mafunso ndi mayankho

Malipoti ambiri a makopaletivi, a mabanki a m'mudzi ndi a timakampani ting'onoting'ono ali ndi matenda amodzi. Munthu umawerenga tsamba lonse n'kumva kuti katundu anagulidwa, ndalama zinagwiritsidwa ntchito, nkhani zinakambidwa ndipo mfundo zinamangidwa, koma wogulayo, wogwiritsa ndalamayo ndi womanga mfundoyo osamuona n'komwe. Mayankho ali m'munsimu akukhudza malipoti a m'Chichewa, ndipo zitsanzo zake tazitenga pa lipoti longoyerekezera la kopaletivi ya alimi a soya.

Kodi chiganizo chotere ndingachizindikire bwanji?

Yang'anani kumapeto kwa mneni. Mneni akatha ndi -idwa kapena -edwa, ndiye kuti dzina lomwe lili kumayambiriro kwa chiganizocho si la wochita, koma la chinthu chomwe ntchitoyo yachigwera. Kusukulu amati umenewu ndi msintho wochitidwa. Kusankha pakati pa -idwa ndi -edwa kumatsata vawelo yomaliza ya tsinde la mneni: a, i ndi u amakoka -idwa (kumangidwa, kulipiridwa, kugulidwa), pamene e ndi o amakoka -edwa (kulembedwa, kukonzedwa). Aneni aafupi kwambiri monga kuba ndi kudya amatenga -edwa: kubedwa, kudyedwa. Chiganizo chikakhala chokana m'nthawi yakale kapena cholamula, a wotsirizayo amasanduka e, ndiye mumapeza sizinagulidwe, likonzedwe, zitumizidwe.

Kulemera kwenikweni kumabwera aneni oterewa akadzazana m'chiganizo chimodzi. "Zikuyembekezeredwa kuti ngongole zomwe zinaperekedwa zidzabwezedwa monga zinagwirizanidwa." Aneni anayi, ntchito zinayi, koma palibe munthu ngakhale mmodzi. Ndani akuyembekezera? Anapereka ndani, ndipo abweze ndani?

Ndiye kuti -idwa ndi Chichewa cholakwika?

Ayi ndithu. Ndi Chichewa chenicheni, ndipo tonse timanena kuti "wakuba wagwidwa" kapena "mwana walumidwa ndi galu" popanda wina kudabwa. Chovuta ndi ntchito ya lipoti. Wowerenga lipoti la bizinesi, kaya ndi wapampando, mamembala kapena banki yomwe inakongoza ndalama, amafuna kudziwa yemwe angamufunse, yemwe angamuyamikire ndi yemwe ayenera kumaliza chotsala. Chiganizo cha -idwa chimalola wolemba kusiya dzina la munthu ameneyo chiganizo n'kukhalabe chathunthu, ndiye mpata umenewu anthu amaugwiritsa ntchito mopitirira.

Chinanso, zambiri mwa ziganizo zolemerazi sizibadwira m'Chichewa. Olemba ambiri anaphunzira kulemba malipoti m'Chingerezi cha m'maofesi, chomwe chimakonda kubisa wochita, ndipo akamalemba m'Chichewa amangosamutsa kamangidweko. Pakamwa palibe amene amati "kunagwirizanidwa kuti". Aliyense amati "tinagwirizana kuti".

Lipoti langa ndi la masamba 15. Ndiziwerenga mzere uliwonse kufuna -idwa?

Ngati lili pa kompyuta, musavutike choncho. Mu Microsoft Word dinani Ctrl+H, pitani pa Find, dinani More, chongani Use wildcards, ndipo m'bokosi lofufuzira lembani izi:

```
[ie]dw[ae]
```

Mukasankha Reading Highlight kenaka Highlight All, aneni onse a -idwa, -edwa, -idwe ndi -edwe aoneka atapakidwa utoto. Mu LibreOffice Writer kalembedwe komweko kamagwira mukachonga Regular expressions.

Kompyuta sidziwa Chichewa, choncho ipaka utoto ndi mawu ena osalakwa. Kuchedwa sikuchokera ku msintho wochitidwa m'Chichewa cha lero: "galimoto inachedwa" ndi chiganizo cholunjika, chisiyeni. Ipakanso mayina monga kayendetsedwe ndi kagulitsidwe, omwe tiwakamba pansipa. Ndipo mawu monga zinapezeka ndi zinawonongeka siwapeza, pamene nawonso amabisa wochita. Amenewo muwafune padera polemba eka ndi ika. Ngati lipoti lili papepala, cholembera chofiira chimagwira ntchito yomweyo: zungulizani mneni aliyense wotere musanayambe kukonza chilichonse, kuti muone pomwe adzazana. Kawirikawiri amadzazana m'ndime zonena za mavuto ndi za zoyenera kuchita, pamene ndime zonena za zopambana zimatchula mayina bwinobwino.

Nanga kusintha kwake kumayenda bwanji, chiganizo chimodzi pachokha?

Yambani ndi funso, osati ndi mneni. Pa mneni aliyense amene mwamuzunguliza, dzifunseni kuti "ndani?" ndipo lembani yankho pambali. Ngati yankho lili kale m'chiganizomo, pambuyo pa ndi, ntchito yaphweka. Ngati mulibe, imani kaye kulemba, mukatsegule maminitsi a msonkhano, malisiti kapena buku la katundu, muone amene anasaina. Gawo limeneli ndi lomwe limadya nthawi, ndipo ndi lomwe anthu amalidumpha.

Mukapeza wochita, muikeni kumayambiriro, chotsani -idw- kapena -edw- pa mneni, ndipo chinthu chomwe chinali kumayambiriro chipite pambuyo pa mneni. "Matumba 560 anagulitsidwa ndi komiti" chimakhala "Komiti inagulitsa matumba 560". Chotsani -idw- yekha basi. Anagulitsidwa amabwerera ku anagulitsa, osati ku anagula, ndipo kusokoneza pamenepa kumatembenuza malonda onse. Aneni ena ochepa sabwerera mowongoka: kugwidwa kumabwerera ku kugwira.

Chomaliza, chomwe chimagwetsa anthu ambiri pa kompyuta, ndi mgwirizano wa mneni ndi dzina latsopanolo. M'Chichewa mneni amavala chizindikiro cha gulu la dzina la mwininkhani. Mukasuntha mayina osasintha chizindikirocho, mumapeza "Gulu zinasungitsa ndalama" m'malo mwa "Gulu linasungitsa ndalama". Mayina omwe amabwera kawirikawiri m'malipoti ndi ochepa, ndipo ndi osavuta kuwasunga m'mutu: komiti, kampani, ofesi ndi nthambi zimatenga i- (komiti inavomereza), bungwe ndi gulu zimatenga li- (bungwe linalipira), msonkhano umatenga u- (msonkhano unalamula), ndipo anthu onse, mmodzi kapena ambiri, amatenga a- m'nthawi yakale (msungichuma anasaina, mamembala anapereka). Ochita akakhala awiri a magulu osiyana, monga komiti ndi bungwe, musalimbane ndi kufuna chizindikiro chokwanira onse. Ikani mmodzi kumayambiriro, winayo pambuyo pa mneni: "Komiti inakonza bajeti pamodzi ndi bungwe lotithandiza."

Nthawi ya mneni isasinthe. Ngati kunali zidzatumizidwa, kukhale adzatumiza, osati atumiza, chifukwa atumiza amamveka ngati ntchito ichitika lero kapena posachedwapa, ndipo mwalonjeza zomwe lipoti loyambalo silinalonjeze.

Ngati wochita watchulidwa kale pambuyo pa "ndi", pali chifukwa chosinthira?

Nthawi zambiri chilipo, chifukwa ndi ali ndi ntchito zambiri m'Chichewa. Amalumikiza mayina, amasonyeza chida, amasonyeza woperekeza, komanso amasonyeza wochita. Werengani ichi: "Ndalama zinatumizidwa ndi dalaivala." Kodi dalaivala ndi amene anatumiza ndalamazo, kapena wina anamupatsira kuti akapereke? Ndalamazo zikasowa, kusiyana kumeneku ndiye mlandu wonse. Chiganizo cholunjika chimakukakamizani kusankha: "Dalaivala anatumiza ndalama pa foni", kapena "Msungichuma anapatsira dalaivala ndalama kuti akapereke ku ofesi."

Zomwezo zimachitika m'kati mwa chiganizo. "Soya amene anagulidwa ndi kalaliki" amamveka bwino akakhala "soya amene kalaliki anagula".

Koma ndime yanga ikukamba za ndalama, ndipo ndikufuna ndalamazo zikhalebe kumayambiriro. Ndisiye -idwa?

Simufunika kusankha pakati pa ziwirizi, ndipo apa Chichewa chili ndi mwayi waukulu. Mutha kusiya chinthucho kumayambiriro, n'kutchula wochita, kenaka n'kuika kachizindikiro ka chinthucho m'kati mwa mneni. "Ndalamazo msungichuma anazisungitsa ku banki pa 3 Meyi." "Matumbawo komiti inawagulitsa ku Lilongwe." "Lipotili mlembi analitumiza Lolemba." Timalankhula chonchi tsiku ndi tsiku, kungoti tikagwira cholembera timaiwala. Nkhani ikupitirira pa ndalama zomwezo, wowerenga sakutaya mutu, ndipo wochita akuoneka.

Kachizindikiroko musakasiye: -zi- pa ndalama, -wa- pa matumba, -li- pa lipoti, -yi- pa galimoto (anayikonza), -chi- pa chigayo. Popanda iko chiganizo chimamveka chopunduka.

Njirayi ili ndi malire ake. Mayina awiriwo akakhala a gulu limodzi, makamaka onse akakhala anthu, wowerenga amakayika kuti wachita ndani. "Mamembala alangizi anawayendera" chimamveka pakamwa chifukwa mawu amapuma pakati, koma papepala munthu amachiwerenga kawiri. Pamenepo bwererani ku dongosolo la masiku onse: "Alangizi anayendera mamembala." Ndipo musayambe ziganizo zitatu zotsatizana mwa njira imeneyi, lipoti limayamba kumveka ngati munthu akudzitchinjiriza pabwalo la milandu.

Ndachotsa -idwa ndipo ndalemba kuti "anagula matumba 600". Zatheka?

Sizinatheke. Uwu ndi msampha waukulu m'Chichewa. Mneni wa ana- amatha kuima yekha popanda dzina, ndipo timamugwiritsa ntchito pamene sitikudziwa kapena sitikufuna kutchula munthu: "anatibera usiku", "azimitsa magetsi". Mwa kamangidwe ndi chiganizo cholunjika, koma wochita wabisalabe monga anabisalira poyamba. Penanso zimaipirako, chifukwa wowerenga amamata ana- ameneyo pa munthu amene watchulidwa komaliza. Ngati chiganizo cham'mbuyo chimanena za wapampando, ndiye kuti mwanena kuti wapampando anagula soya amene sanagule.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Phimbani ziganizo zam'mbuyo ndi dzanja, muwerenge chiganizocho chokha. Ngati munthu wachilendo angafunse kuti "ndaniyo?", ikani dzina la udindo.

Nanga "zinawonongeka", "zinatayika", "zinasweka"?

Umenewu ndi msintho wina, wochitika, wa -ika ndi -eka, ndipo umabisa kuposa -idwa. Mukanena kuti "sikelo inathyoledwa", mukuvomereza kuti pali wina anaithyola ngakhale simunamutchule. Mukanena kuti "sikelo inathyoka", mukunena ngati zinangochitika zokha. N'chifukwa chake simunganene kuti "sikelo inathyoka ndi mlonda" potanthauza kuti mlonda ndi amene anaithyola. Mneni wotere salandira munthu wochita. Amalandira chifukwa chokha, monga "mbewu zinawonongeka ndi mvula".

Choncho pa aneni amenewa funso lake si "ndani?" lokha, komanso "chinachititsa n'chiyani?" Ngati chinthu chinathadi chokha, mwachitsanzo lamba wa chigayo amene waduka atatumikira nthawi yake, -ika ndi woona ndipo akhale. Koma "malisiti anatayika" kawirikawiri amatanthauza kuti panali munthu amene amawasunga. Lembani zomwe mukudziwa: "Malisiti a Meyi anali m'manja mwa kalaliki, ndipo pa 30 Juni sanawapeze m'kabati." Simunanene kuti anawataya dala, koma wowerenga akudziwa koyambira kufunsa.

"Zinapezeka kuti", "zinaonedwa kuti", "kunagwirizanidwa kuti": ndizitani?

Pali njira ziwiri. Ngati wopezayo ndi wofunika, mutchuleni pamodzi ndi tsiku, chifukwa zimene anapeza akatswiri ounika mabuku a ndalama zimalemera mosiyana ndi zimene anaona mlonda podutsa: "Powerenga katundu pa 30 Juni, komiti inapeza kuti matumba 15 palibe." Ngati wopezayo ndi inu nomwe wolemba lipoti, mawu oyambawo ndi katundu wachabe, achotseni: "Matumba 15 palibe."

Pa "kunagwirizanidwa kuti", funsani kuti unali msonkhano uti. Mfundo ya msonkhano waukulu wa mamembala onse imamanga aliyense, pamene mfundo ya anthu atatu amene anakumana mu ofesi ikhoza kukanidwa. "Msonkhano wa mamembala wa pa 12 Malichi unagwirizana kuti" ndi chiganizo chomwe munthu angakachitsimikize m'maminitsi.

Mayina a ka- ndi -idwe nawonso amalemeretsa. Kayendetsedwe, kasungidwe ndi kagulitsidwe ndi mawu abwino pa mitu ya ndime, koma akakhala mwininkhani wa chiganizo amameza ntchito yonse. "Kasungidwe ka katundu sikanachitidwe moyenera" sichinena kanthu. M'kati mwa kasungidwe muli mneni kusunga, mutulutseni, mumupatse mwini wake ndi zomwe zinachitikadi: "Wosunga katundu anaunjika matumba pansi popanda matabwa."

Mungaonetse ndime yathunthu, poyamba ndi pambuyo pake?

Nayi ndime yochokera mu lipoti la miyezi itatu la kopaletivi yathu yongoyerekezerayo, monga mlembi anailembera poyamba:

"M'miyezi ya Epulo mpaka Juni, matumba 600 a soya anagulidwa kuchokera kwa mamembala, ndipo 560 mwa iwo anagulitsidwa. Zinapezeka kuti matumba 25 anawonongeka chifukwa denga la nyumba yosungiramo katundu silinakonzedwe monga zinagwirizanidwa pa msonkhano wa Malichi. Matumba 15 sanawerengedwe bwino ndipo nkhaniyi ikufufuzidwa. Zikuyembekezeredwa kuti denga likonzedwa mvula isanayambe, ndipo njira zoyenera zidzatsatidwa kuti vutoli lisabwerezedwe."

Ziganizo ndi zinayi. Aneni a -idwa ndi -edwa alipo 10, a -eka awiri. Manambala ali bwino, 560 kuphatikiza 25 kuphatikiza 15 akukwana 600, moti wowerenga wothamanga angaganize kuti lipotilo ndi lomveka. Koma matumba 40 a makilogalamu 50 ndi matani awiri a soya, ndipo ndimeyi sikuloza munthu aliyense amene mamembala angamufunse za matani awiriwo.

Tsopano mafunso. Anagula ndani? Malisiti akuonetsa kalaliki wogula mbewu. Anagulitsa ndani? Komiti ya malonda. Mpaka apa n'zophweka, ndipo ziwirizi mlembi amazidziwa pamtima. Denga amayenera kukonza ndani? Apa atsegule maminitsi a Malichi, momwe akupeza kuti msonkhano unapatsa ntchitoyo komiti ya katundu, tsiku lomaliza 31 Malichi. Nanga inalephereranji? Buku la ndalama likuonetsa kuti msungichuma anatulutsa ndalama za malata pa 6 Meyi, mvula ya mu Epulo itanyowetsa kale soya. Onani kuti "silinakonzedwe" amabisa anthu awiri, osati mmodzi, ndipo mlembi akanangolemba kuti "komiti ya katundu sinakonze denga" akanakhala atalemba chiganizo cholunjika koma chosalungama. "Sanawerengedwe bwino" ndiye woipitsitsa pa onsewo, chifukwa akunena ngati vuto ndi masamu, pamene zoona zake n'zakuti matumbawo analowa m'buku koma m'nyumba mulibe. "Njira zoyenera" sizinali kanthu. Mlembi anayenera kukafunsa wapampando kuti njira zake ndi ziti.

Ndime yatsopano:

"Kuyambira Epulo mpaka Juni, kalaliki wogula mbewu anagula matumba 600 a soya kwa mamembala, ndipo komiti ya malonda inagulitsa 560. Pa 40 otsalawo, 25 ananyowa ndi mvula ya mu Epulo chifukwa denga la nyumba yosungiramo katundu limadontha. Msonkhano wa Malichi unalamula komiti ya katundu kuti ikonze dengalo pofika pa 31 Malichi, koma msungichuma anapereka ndalama za malata pa 6 Meyi. Matumba 15 palibe: buku la kalaliki likuonetsa kuti analowa, koma powerenga pa 30 Juni sitinawapeze. Komiti yoona za ndalama ikufananiza malisiti ndi bukulo, ndipo idzapereka zotsatira pa 31 Julayi. Komiti ya katundu idzamaliza kukhoma malata pofika pa 30 Seputembala, ndipo kuyambira mwezi uno wosunga makiyi ndi kalaliki aziwerenga matumba limodzi Lachisanu lililonse."

Ndime yachiwiriyi ndi yaitali kuposa yoyamba, ndipo zimenezo zisakudabwitseni. Chiganizo chimodzi pachokha chimafupika mukachiwongola, koma ndime yonse imatha kutalika chifukwa mwabwezeramo mayina ndi masiku omwe anali atasowa. Imadzutsanso funso latsopano: ngati ndalama zinatuluka pa 6 Meyi, n'chifukwa chiyani pofika kumapeto kwa Juni malata anali asanakwere? Ndime yoyamba sikanalola munthu kufunsa zimenezo. Mlembi wanzeru akafunse yankho lake lipoti lisanafike pamsonkhano, chifukwa mamembala adzafunsa ndithu.

Kodi kutchula anthu chonchi si kuloza chala? Ena mwa iwo ndi akuluakulu.

Nkhawa imeneyi ndi yomveka, ndipo ndi chifukwa chenicheni chomwe alembi ambiri amathawira ku -idwa. Pali zinthu zomwe zimachepetsa ululu popanda kubisa choonadi. Tchulani udindo m'malo mwa dzina: msungichuma, wapampando, komiti ya katundu. Lembani chochitika ndi tsiku lake, osati maganizo anu pa munthuyo: "msungichuma anapereka ndalama pa 6 Meyi" ndi nkhani ya m'buku, pamene "msungichuma anazengereza" ndi chiweruzo. Ulemu umakhalabe m'chiganizo cholunjika, chifukwa "a wapampando anasaina" ndi mawu aulemu kale. Ndipo tchulani ochita pa zabwino ndi pa zoipa mofanana. Lipoti lomwe limati "wapampando anapeza msika" koma "ndalama zinachedwetsedwa" aliyense amaliona kuti likukondera, monganso lomwe limatchula ogwira ntchito ang'onoang'ono okha pakalakwika zinthu.

Cholakwa chikakhala cha olemba lipoti eniake, ti- ndi mawu olemekezeka: "tinalakwitsa powerengera mtengo wa mayendedwe". Kungoti nenani kumayambiriro kwa lipoti kuti "ife" ndi ndani, komiti yaikulu kapena ofesi, ndipo musamusinthe pakati.

Ndi pati pamene ndiyenera kusiya -idwa momwe alili?

Choyamba ndi pamene wochita sakudziwika. Ngati akuba anathyola chitseko usiku, "matumba 8 anabedwa" ndi chiganizo choona, ndipo kulemba kuti "akuba anaba" sikuwonjezera kanthu. Koma onjezani zomwe mukudziwa m'ziganizo zolunjika: anazindikira ndani, liti, ndipo anakanena kupolisi ndani.

Chachiwiri ndi chofunika kwambiri. Musaike dzina la munthu pa ntchito yomwe simungaitsimikize ndi pepala kapena mboni. Pa matumba 15 aja, ndime yatsopano sinanene kuti kalaliki anawatenga, ngakhale anthu atakhala kuti akunong'onezana zimenezo. Lipoti ndi chikalata chomwe chimasungika, ndipo kunamizira munthu kuba m'chikalata kungakufikitseni kukhoti pa mlandu woipitsa mbiri. Kuwongola chiganizo si chilolezo chopeka wochita.

Chachitatu ndi pamene wochita ndi wodziwikiratu kapena alibe ntchito pa nkhaniyo: "kopaletivi yathu inalembetsedwa chaka chatha", "mlembi watsopano anasankhidwa pa msonkhano waukulu". Amenewa asiyeni.

Ndime ya zoyenera kuchita imandivuta. Zonse zimatuluka "ziyenera kuchitidwa".

Ndimeyi ndi yomwe -idwa amawononga ndalama zenizeni, chifukwa ntchito yopanda mwini sichitika. Mutu umodzi susenza denga, koma denga lomwe aliyense akuganiza kuti asenza mnzake limakhala pansi. Chiganizo chilichonse m'ndimeyi chikhale ndi zinthu zitatu: udindo wa wochita, mneni wa ntchito yooneka ndi maso, ndi tsiku. "Ngongole ziyenera kutoleredwa msanga" chikhale "Msungichuma atolere ngongole za mamembala 12 otsalawo pofika pa 15 Ogasiti." Mneni wothera ndi -e, monga atolere, ikonze, alembe, ndi wokwanira, ndipo si wamwano.

Ngati simungathe kulemba wochita chifukwa msonkhano sunasankhe, musamupeke ndipo musabwerere ku "ziyenera". Lembani chosowacho ngati pempho: "Tikupempha msonkhano uno kuti usankhe munthu wotolera ngongolezi."

Pa "mamembala anapatsidwa ngongole ndi gulu", ndiike chiyani pambuyo pa mneni?

Wolandira ayambe, chinthu chitsatire: "Gulu linapatsa mamembala 12 ngongole." Kupatsa kumafuna wolandira pafupi ndi mneni. Mukafuna kuti chinthu chiyambe, sinthani mneni: "Gulu linapereka ngongole kwa mamembala 12." Chachiwirichi chimathandiza wolandira akakhala ndi mawu ambiri omufotokoza, monga "kwa mamembala 12 amene anamaliza kubweza ngongole ya chaka chatha".

Ndikamaliza, atsale angati?

Palibe nambala yolamulidwa, ndipo lipoti lopanda -idwa ngakhale mmodzi limamveka lokakamiza. Bwerezani kufufuza kuja ndipo pa aliyense wotsala muthe kunena chifukwa chomwe mwamusiyira: sitikudziwa wochita, sitingatsimikize, kapena aliyense akumudziwa. Pamene mwapeza awiri m'chiganizo chimodzi, yang'anitsitsani, kawirikawiri mmodzi amakhala wothawira. Kenaka patsani lipotilo munthu amene sanali nawo pa ntchitoyo, aliwerenge mokweza, ndipo muike chizindikiro paliponse pamene waima n'kufunsa kuti "ndani?" Muonenso manambala ndi masiku onse powayerekeza ndi lipoti loyamba lija, chifukwa posuntha mayina uku ndi uku 560 amatha kutsalira pa chiganizo cha kugula m'malo mwa cha kugulitsa.